Malire oluzira pa chimanga: bwanji K47,300 osati K50,000?

Funsani venda aliyense amene wasunga chimanga ku Luchenza, ku Bvumbwe kapena pa Thyolo boma kuti adzachigulitsa liti mtengo ukayamba kutsika. Ambiri alibe yankho, chifukwa pogula amangowerengera za kukwera basi. Ochepa amene ali nalo yankho amatchula nambala yosavuta kukumbukira: "Likangofika pa fifite sauzande thumba, ndichotsa chonse." Kukhala ndi malire otere n'kwabwino kuposa kusakhala nawo. Koma malo amene awayikawo ndi olakwika, ndipo nthawi zambiri amagulitsa moluza sabata yomweyo imene mtengo ukufuna kubwerera m'mwamba.

Amalonda a m'misika ya ndalama zakunja ndi masheya amatcha malire amenewa kuti sitopu losi. Ndi mtengo umene munthu amasankhiratu asanagule katundu, woti msika ukatsika kufika pamenepo agulitse, avomereze kuluza pang'ono, mpamba wotsalawo upulumuke. Achinyamata amene amachita malonda a golide ndi madola pafoni amaudziwa, chifukwa pa MetaTrader pali kabokosi kolembedwa kuti `Stop Loss` pamene amalembapo nambalayo, ndipo makina amagulitsa okha mtengo ukakhudza. Wosunga matumba alibe makina omugulitsira. Ali ndi kope, cholembera ndi mtima wake. Koma funso ndi limodzi kwa onse awiri: nambalayo muyiika pati?

Yankho la amene akhalitsa pa ntchitoyi ndi loti musayiike pamene pali pokoma kutchula. Muyiike kuseri kwa malo amene msika wakhala ukuponda n'kubwerera.

Chifukwa chake ku Thyolo mtengo umapita uku ndi uku

Malo ambiri achonde m'boma la Thyolo ali ndi tiyi, makadamiya ndi mitengo ya maesiteti monga Satemwa, Conforzi, Naming'omba ndi Makandi. Mabanja ambiri ali ndi timinda ting'onoting'ono m'mapiri, ndipo chimanga chimene amakolola sichiwafikitsa chaka. Choncho Thyolo ndi boma logula chimanga. Chambiri chimachokera kunja kwa boma, china kuchokera ku Mozambique kudzera ku Milange ndi Muloza, n'kudzatsitsidwa m'misika ngati Luchenza.

Zinthu ziwiri zimakoka mtengo ngati anyamata okokana chingwe. Malole akabwera angapo nthawi imodzi, opikula amatsitsa mtengo chifukwa katundu wachuluka ndipo eni malole akufuna kubwerera msanga. Ogwira ntchito m'maesiteti akalandira malipiro, ndowa ndi zigoba zimayenda, ogulitsa pang'onopang'ono amathamangira kukaoda, mtengo n'kukweranso. Pakati pa malipiro awiri msika umazizira. Kukwera ndi kutsika kotereku sikutanthauza kuti msika wasintha maganizo. Ndi kupuma kwake kwa masiku onse.

Pamwamba pa kupumako pali ulendo wautali wa chaka. Chimanga chimakhala chotsika nthawi yokolola, kuyambira Epulo mpaka Juni, ndipo zaka zambiri chimakwera kulowera mu Januwale ndi Febuluwale. Ku Thyolo nthawi ya njalayi imakumana ndi nthawi imene tiyi amaphuka kwambiri chifukwa cha mvula, pamene maesiteti amalemba anthu ambiri othyola. Anthu ofuna chimanga amachuluka, ndipo ali ndi ndalama m'manja. Venda amene amasunga chimanga akubetcha pa ulendo wautaliwu. Ndiye malire ake oluzira ayenera kumuuza chinthu chimodzi chokha: kuti ulendo wautaliwo wasokonekera. Ngati akumugulitsitsa chifukwa cha malole atatu amene afika Lachiwiri, malirewo sakugwira ntchito yake.

Kuwerenga mapondedwe a msika

Mapondedwe a msika ndi malo amene mtengo unatsika, n'kuima, n'kubwerera m'mwamba. Pamalo oterowo panachitika chinthu chenicheni: ogula okhala ndi ndalama anaona kuti chatchipa mokwanira n'kuyamba kusesa, kapena obweretsa malole anaona kuti pamtengo umenewo mafuta ndi zolipira za m'njira sizibwerera n'kusiya kubweretsa. Mtengo ukabwerera pamalo amodzi kawiri kapena katatu, ndiye kuti pamenepo pali anthu amene akuutchinjiriza. Tsiku limene udzaboole pamenepo n'kukhala kunsi kwake, ndiye kuti anthu aja achoka kapena agonja, ndipo chifukwa chimene munagulira chatha.

Simungaone malo amenewa ngati simulemba. Ndipo mtengo woti mulembe si umene mumagulitsira chigoba kwa mayi wodzagula cha phala. Lembani mtengo umene wopikula angakupatseni lero mutamuuza kuti atenge matumba makumi awiri nthawi imodzi, ndalama pompo. Umenewo ndiye mtengo umene mudzaupeze tsiku lothawa. Funsani opikula awiri kapena atatu tsiku lililonse la msika, pa thumba loyeza pasikelo makilogalamu 50, osati thumba losokerera mlomo limene kulemera kwake sikudziwika. Bungwe la IFPRI limatulutsa lipoti la mitengo ya chimanga mwezi ndi mwezi, ndipo Luchenza ndi umodzi mwa misika imene limatsata. Lipotilo ndi lothandiza kuona ngati zimene zikuchitika kwanu zikuchitikanso ku Lunzu kapena ku Mulanje, koma ndi mitengo yogulitsira pakilogalamu, ndiye silingalowe m'malo mwa kope lanu.

Tiyerekeze mayi wina wa geni ku Luchenza amene ali ndi mpamba wa K3,000,000. Manambala otsatirawa ndi achitsanzo chabe, si mitengo ya sabata ino. Inu muikepo ya m'kope lanu. Kwa masabata asanu ndi atatu walemba mtengo wotsikitsitsa wa opikula pa sabata iliyonse motere:

Sabata yoyamba K50,500, yachiwiri K52,000, yachitatu K48,500, yachinayi K51,500, yachisanu K54,000, yachisanu ndi chimodzi K49,000, yachisanu ndi chiwiri K51,000, yachisanu ndi chitatu K52,000.

Yang'anitsitsani mzerewu. Mtengo watsika kwambiri kawiri. Koyamba unaponda pa K48,500 n'kubwerera, kachiwiri unaponda pa K49,000 n'kubwereranso. Kupondako kwachiwiri kuli pamwamba pang'ono pa koyamba, chimene ndi chizindikiro chabwino kwa wofuna kusunga: ogula sanadikire kuti ufike pomwe unafika kale. Ndiye pansi pa msika umenewu pali pakati pa K48,500 ndi K49,000.

Tsopano onani pamene pali K50,000. Ili pakati pa njira. M'masabata asanu ndi atatu okha mtengo wadutsapo kawiri potsika ndi kawiri pokwera, osaima n'komwe. Munthu amene waika malire ake pamenepo ali ngati wayala malonda ake pakati pa msewu wa Limbe kupita ku Muloza n'kumadabwa kuti galimoto zikumuponda. Palibe chimene K50,000 ikukuuzani za msika. Ikungokuuzani kuti ndi manoti khumi a K5,000.

Vuto lina la manambala othera ndi maziro

Nambala yokoma kutchula siikomera inu nokha. Mnzanu wa shedi yoyandikana nayo wasankha yomweyo, ndi wina wa ku Goliati, ndi wina wa ku Makwasa. Mtengo ukangoti K49,800, onse amatulutsa matumba tsiku limodzi. Katundu amasefukira, opikula amatsitsanso, ndipo amene amati agulitsa pa K50,000 amapezeka akulandira K49,000. Patapita masiku ochepa amantha onse atagulitsa, katundu amachepa, malipiro a kuesiteti amafika, mtengo n'kudzuka. Opikula aakulu amazidziwa izi. Safunika kuchita chinyengo chilichonse. Amangodikira ndi ndalama zawo pansi pa nambala imene aliyense akuiopa.

Zimenezi si za ku Luchenza kokha. Katswiri wa zachuma Carol Osler, amene ankagwira ntchito ku nthambi ya New York ya banki yaikulu ya dziko la America, anafufuza maoda masauzande angapo a makasitomala a banki ina yaikulu yogulitsa ndalama zakunja, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2003. Anapeza kuti maoda amaunjikana pa manambala othera ndi maziro, ndipo maoda oluzira amakonda kuunjikana kungodutsa pang'ono manambala amenewo. N'chifukwa chake mtengo ukaboola nambala yotere umathamanga kwakanthawi, popeza oda ina imadzutsa inzake.

Mfundo yachiwiriyo ndiyo ambiri amaiphonya. Wina akamva kuti K50,000 ndi yoipa amati basi ndiika pa K49,900 kapena K49,500. Sanathawe chilichonse. Wangosuntha kuchoka pakati pa gulu n'kukaima m'mphepete mwa gulu lomwelo, ndipo m'chitsanzo chathu K49,500 ikadali pamwamba pa malo onse awiri amene msika unaponda.

Kupeza nambala yeniyeni

Mayi wathu ayambira pa kuponda kotsikitsitsa, K48,500. Saika malire ake ndendende pamenepo, chifukwa msika ukhoza kubwera kudzapondanso pomwepo, kapena kupitirira ndi timakwacha tochepa, n'kubwerera ngati kale. Akufunika kampata kunsi kwake.

Kampatako sikongopeka. Akuyang'ananso m'kope kuti tsiku limodzi lomwelo opikula amasiyana bwanji. Tinene kuti wina akamati K51,000 wina amati K50,200, ndipo tsiku losiyana kwambiri anasiyana ndi K1,200. Ndiye kuti K1,200 ndi phokoso wamba la msika umenewu, lochokera ku sikelo, chinyezi cha chimanga ndi kuuma mtima kwa wopikula. Chilichonse chochepera pamenepo sichinena kanthu. Achotsa K1,200 pa K48,500, n'kupeza K47,300.

Nambalayi ndi yosakoma kutchula, ndipo sayenera kuikongoletsa. Akaikweza kuti ikhale K48,000 wadya kampata kake n'kubwereranso pa nambala ya gulu. Akaitsitsa kuti ikhale K47,000 wawonjezera K300 pa thumba lililonse popanda chifukwa chochokera m'kope. Ailembe momwemo, K47,300, pachikuto cha kope, ndi tsiku limene wailemba.

Pali lamulo lina limene wosunga matumba ayenera kuwonjezera, limene wapafoni alibe. Makina amagulitsa mtengo ukangokhudza. Inu muli ndi mwayi wofunsa kawiri. Wopikula m'modzi akakuuzani K47,000, mwina wangoona nkhope yanu kuti mwapanikizika ndi fizi. Ndiye lamulo likhale loti opikula awiri kapena atatu osiyana atchule mtengo wa pansi pa K47,300, pa masiku a msika awiri otsatizana. Zikatero mugulitse tsiku lachiwiri lomwelo, osadikira lachitatu. Ine ndimaona kuti kudikira tsiku lachiwiriku n'koyenera pa chimanga, ngakhale kumadya ndalama pang'ono msika ukamagwadi. Koma pakamveka nkhani yaikulu yodziwika, monga yoti boma layamba kugawa kapena kugulitsa chimanga chotchipa m'dera lanu, tsiku limodzi lakwana.

Malire akatalika, matumba achepe

Apa ndi pamene ambiri amakanira. Amati K47,300 ili kutali, ndikaluza ndiluza zambiri. N'zoona kuti pa thumba limodzi muluza zambiri. Koma chimene chimapha geni si kuluza kwa pa thumba, ndi kuluza kwa pa mpamba wonse, ndipo kumeneko mumakulamulira ndi chiwerengero cha matumba.

Mayi uja akugula pa K52,000. Akaphatikiza thiransipoti, thumba latsopano ndi mankhwala a anankafumbwe, tinene kuti thumba lililonse lamudyera K53,000. Kuchoka pa K53,000 kufika pa K47,300 pali K5,700. Awonjezerepo K300 ya onyamula tsiku logulitsa, ikhala K6,000. Imeneyo ndiyo ndalama imene thumba lililonse likuika pachiswe.

Kenako adzifunse kuti pa K3,000,000 yake, ndi ndalama zingati zimene angaluze geni n'kupitirirabe, ana n'kudyabe, ngongole ya banki mkhonde n'kubwezedwabe. Tinene kuti wasankha K150,000, imene ndi K5 pa K100 iliyonse. Amalonda apafoni amalangizidwa zochepera apo, K1 kapena K2 pa K100, chifukwa iwo amalowa ndi kutuluka kambirimbiri pa mwezi, pamene wosunga chimanga amabetcha kamodzi kapena kawiri pa chaka. Agawe K150,000 ndi K6,000. Yankho ndi matumba 25. Amudyera K1,325,000, ndipo K1,675,000 yatsala yoyendetsera geni ya tsiku ndi tsiku.

Mnzake wa shedi yoyandikana ali ndi mpamba wofanana ndipo nayenso wavomera kuluza K150,000, koma malire ake ndi K50,000. Kwa iye thumba likuika pachiswe K3,000 kuphatikiza K300 ya onyamula, K3,300. Akagawa apeza matumba 45, a K2,385,000. Papepala akuoneka wochenjera: katundu wambiri, chiopsezo chofanana. Chimene pepala silikuonetsa n'choti malire ake ali pamalo amene msika umadutsa pafupifupi mwezi uliwonse.

Musasinthanitse ndondomekoyi. Choyamba ndi kupeza malire kuchokera ku msika, chachiwiri ndi kuwerengera matumba kuchokera ku malirewo. Amene amayamba ndi kunena kuti ndikufuna matumba 45, kenako n'kufunafuna malire oti agwirizane ndi matumbawo, ndi amene amathera pa K50,000.

Asanapereke ndalama pali funso lomaliza: kodi phindu limene akuyembekeza likuposa chiopsezocho mokwanira? Ngati kope la zaka zapitazo likumupatsa chifukwa choyembekezera K68,000 mu Januwale, phindu ndi K15,000 pa thumba poyerekeza ndi K6,000 ya pachiswe, kawiri ndi theka. Pamenepo angalowe. Koma akanakhala kuti akugula mtengo uli kale pa K60,000, kutali ndi pomwe msika unaponda, chiopsezo chikanaposa K13,000 pa thumba pofuna phindu la K7,000. Yankho pamenepo si kukokera malire kufupi. Ndi kusagula, n'kudikira kuti mtengo ubwerere pafupi ndi pansi kapena upange poponda patsopano.

Njira ziwiri zimene msika ungatenge

Tinene kuti patapita masabata awiri malole afika ambiri kuchokera ku Muloza, malipiro a kuesiteti akadali kutali. Opikula akutchula K49,500, kenako K49,200. Mnzake uja malire ake adutsidwa, ndipo popeza mtengo sunaime pa K50,000 kumudikira, wagulitsa pa K49,500. Waluza K3,500 pa thumba, ndi K300 ya onyamula ikhala K3,800. Pa matumba 45 ndi K171,000, kuposa K150,000 imene anakonzekera. Mayi wathu wayang'ana pachikuto cha kope, waona kuti K49,200 ili pamwamba pa K47,300, wapitiriza kugulitsa tomato wake. Masabata awiri otsatira mtengo wafika K55,000. Mnzakeyo tsopano ali ndi zosankha ziwiri zowawa: kungoonerera, kapena kugulanso chimanga chomwe chija modula.

Njira yachiwiri ndi yoti msika wagwadi. Mtengo wadutsa K49,000, wadutsa K48,500, tsiku la msika lotsatira opikula atatu akuti K47,000, linalo akuti K46,800. Apa palibe zokambirana. Mayi agulitsa matumba onse 25 pa K46,800. Waluza K6,200 pa thumba, ndi onyamula K6,500, yonse pamodzi K162,500. Nayenso wapitirira pang'ono pa K150,000, chifukwa cha tsiku lachiwiri lija, ndipo ndi bwino kudziwiratu kuti malire oluzira salonjeza mtengo weniweni umene mwalemba. Koma mtengo ukapitirira kutsika mpaka K41,000, wokakamira akhala ataluza K12,300 pa thumba, K307,500 pa matumba omwewo, ndipo akadali ndi lendi ya shedi ndi anankafumbwe oti alimbane nawo.

Munjira yachiwiriyi mnzake wa K50,000 uja anatuluka msanga, ndipo wina anganene kuti iye ndiye anachita bwino. Koma taonani ndalama: iye K171,000, mayi wathu K162,500. Msika ukagwadi onse awiri aluza pafupifupi mofanana. Msika ukangopuma n'kubwerera, m'modzi yekha ndiye waluza. Kusiyana konse kwagona pamenepo.

Mtengo ukakwera, malire amakwera nawo, koma osati tsiku lililonse. Amadikira kuti msika upange poponda patsopano. Tinene kuti wafika K60,000, watsika kufika K56,000, n'kukweranso kudutsa K60,000. Tsopano K56,000 ndi poponda, ndipo malire atsopano ndi K56,000 kuchotsa K1,200, K54,800. Kuyambira pamenepo ngakhale zitavuta mayi atuluka ndi kaphindu. Chosaloledwa ndi kuwatsitsa. Tsiku limene mtengo wayandikira K47,300 mtima udzakuuzani kuti poponda penipeni pali pa K45,000. Ngati K45,000 simunayione m'kope tsiku logula, si msika umene ukulankhula.

Pamene njirayi imalephera

Nthawi zina nambala yothera ndi maziro imakhaladi poponda. ADMARC ikalengeza mtengo wogulira n'kukhaladi ndi ndalama pa depoti yapafupi, kapena wogula wamkulu akamatenga chilichonse pa mtengo umodzi kwa milungu ingapo, msika umaima pamenepo. Zikatero nambalayo mwaipeza m'kope, osati m'mutu, ndipo lamulo ndi lomwe lija: malire apite kunsi kwake ndi kampata. Muzikumbukiranso kuti poponda potere pamatha tsiku limene ndalama za wogulayo zatha.

Cholephera chachikulu ndi pamene mtengo sutsika masitepe koma kudumpha. Alimi ndi mavenda a nandolo a ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu akukumbukira 2017. Mu Ogasiti chaka chimenecho dziko la India, limene limagula nandolo wambiri wa kuno, linaika malire a matani 200,000 pa nandolo wolowa m'dzikolo. Makampani otumiza kunja anachepetsa kugula, ndipo mtengo umene chaka cham'mbuyo unali wa mazana angapo a makwacha pa kilogalamu unagwa kufika cha m'ma K100, m'madera ena kutsikirapo. Amene anali ndi malire olembedwa bwino sanapeze wogula pa mtengo wa malirewo. Ku misika ya ndalama zakunja zinachitikanso pa 15 Januwale 2015, pamene banki yaikulu ya Switzerland inasiya mwadzidzidzi kutchinjiriza mtengo wa ndalama yake: makina anagulitsa kutali kwambiri ndi pamene anthu analemba, ena n'kutsala ndi ngongole. Chimene chimateteza munthu tsiku lotere si nambala ya pachikuto. Ndi K1,675,000 ija imene mayi sanaiike m'matumba. N'chifukwa chake katundu wodalira wogula m'modzi wakunja, ngati nandolo, amafuna matumba ochepa kuposa amene masamu akupatsani, ndipo ndalama ya katapila isalowemo n'komwe.

Kugwa kwa kwacha nako kumafufuta kope. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya zinthu inasamukira pena. Zikachitika zotere, malo amene msika unkaponda miyezi iwiri yapitayo sakutanthauzanso kanthu, ndipo malire akale amakhala kutali kwambiri moti sangakuchenjezeni. Yambani kulemba mwatsopano, ndipo pakapezeka poponda poyamba pa mitengo yatsopanoyo, samutsirani malire pamenepo.

Njirayi ndi ya katundu wosungika: chimanga chouma bwino, nyemba, nandolo, soya, mtedza. Nthochi za ku Thekerani kapena kabichi wa ku Bvumbwe sadikira kuti msika uponde kawiri. Malire ake ndi tsiku, osati mtengo. Chimodzimodzi masamba a tiyi a alimi ang'onoang'ono, amene amayenera kufika kufakitale tsiku lomwe athyoledwa ndipo mtengo wake umakhala wogwirizana kale. Ngakhale chimanga chimene chili ndi tsiku lake. Chakumapeto kwa Febuluwale ndi mu Malichi, mondokwa ukayamba kupezeka ndipo chatsopano chayandikira, ulendo wautali uja watha, ndipo matumba otsala agulitsidwe ngakhale malire sanakhudzidwe.

Kwa achinyamata a m'misika yathu amene amayesa malonda apafoni, masamu ndi omwewa, kungosintha mayina. Pa `XAUUSD`, amene ndi golide pa dola, pezani pa tchati malo otsikitsitsa amene mtengo unabwererapo posachedwa, ikani `Stop Loss` kunsi kwake, ndipo kampata kakhale koposa kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira, chifukwa kusiyanako kumakula nthawi ya nkhani zazikulu ndi usiku ndipo kumatha kukhudza malire anu msika usanafikepo kwenikweni. Ambiri amayeza kampatako ndi chida cha `ATR`, chimene chimaonetsa kuti mtengo umayenda motalika bwanji pa kandulo imodzi. Mukatero muchepetse loti kuti ndalama ya pachiswe isapitirire imene munasankha. Vuto la akaunti ya madola makumi awiri kapena atatu ndi loti ngakhale loti yochepetsetsa ya `0.01` imakhala yaikulu kale: pa golide, kwa mabulokala ambiri, mtengo ukayenda dola imodzi pa loti imeneyi inunso mwapeza kapena mwaluza dola imodzi. Malire oyenera akakhala madola khumi ndi asanu kuchokera pomwe mwalowera, ndiye kuti theka la akaunti ya madola makumi atatu lili pachiswe pa malonda amodzi. Pamenepo palibe malo abwino oikapo malire, ndipo malondawo ndi osayenera kulowa.